Mayi Ndime ndi Nkhani Yachinayi

Mayi Ndime anakhala pa misonkhano ya bodi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, koma mukanafunsa ena a m'bodimo kuti mawu a mayiwa amamveka bwanji, akanangokanda m'mutu. Mlembi wa bungwe savota, sakweza dzanja, ndipo salankhula asanafunsidwe. Malo awo anali kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi chitseko, pamene pankalowera mphepo. Ankakhala pamenepo ndi kope lawo n'kumalemba zimene akuluakulu ankanena, ngakhale zija zimene eni akewo ankadzazikana mawa lake.

Bungwelo linali lothandiza anthu osaona. Linali ndi nyumba yansanjika ziwiri m'mbali mwa msewu waukulu: maofesi pamwamba, ndipo pansi chipinda chachikulu chimene osaona ankaphunziriramo kuwerenga ndi zala komanso kuyenda ndi ndodo. Mayiwa analowa ntchito ali mayi wa mwana mmodzi, ngati wotayipa makalata chabe. Panthawiyo ofesi inali ndi kabati imodzi yosatsekeka bwino, ndipo malamulo oyendetsera bungwe ankatchingira zenera kuti lisamenyeke ndi mphepo. Iwo anawachotsa pazenerapo, n'kuwapukuta fumbi, n'kuwawerenga nthawi ya nkhomaliro mpaka kuwaloweza. Kuyambira pamenepo, munthu akabwera ndi mawu akuti "malamulo amatero," iwo ankangofunsa kuti, "Ndime iti?" Dzina linachokera pomwepo. Analipereka ndi anthu amene anawawidwa nalo funsolo, koma mwini wake analilandira ndi manja awiri.

Sanali munthu wosavuta kukhala naye, tinene zoona. Mwana wawo wamkazi, amene anadzakhala nesi, ankati kwawo ngakhale kupempha nsapato kunkafuna umboni. Amuna awo, bambo wokonza mawotchi pa khonde la sitolo ina, ankawaseka kuti tsiku la ukwati anthu onse ankavina koma mkwatibwi anali kalikiliki kuwerenga setifiketi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mayiwa sankakana. Ankangoti, "Nanga ndikanasayina chinthu chosawerenga?"

Pa ntchito zawo zonse, imene ankainyadira inali pepala limene mu ofesimo ankangolitcha kuti Chidule. Ndime 14 ya malamulo inkati membala watsopano akasankhidwa, mlembi amupatse, pasanathe masiku asanu ndi awiri, malamulowo, maminitsi a misonkhano itatu yapitayo, ndi chidule cha mfundo za bungwe pamodzi ndi nkhani zimene bodi isanagamule. Mayi Ndime ankadziwa kuti malamulo ndi maminitsi anthu amangowaika pa shelefu. Chimene munthu amawerenga ndi Chidule, chifukwa ndi masamba atatu okha. Chimene chalembedwa mmenemo ndicho munthu watsopano amachitenga kuti ndiye bungwe. Choncho mayi wosalankhula pamsonkhanoyu ankalankhulira m'masamba atatuwo, ndipo ankasamala mawu alionse.

Chaka chimenecho mpando umodzi mwa isanu ndi inayi ya bodi unatsala wopanda munthu, mwini wake atamwalira. A Tcheya, bambo wa sitolo ya zitsulo amene anakhala pampando zaka zisanu ndi chimodzi, anabweretsa mnzawo amene ankakumana naye kometetsa tsitsi. Anali bambo wopuma pa ntchito, amene moyo wake wonse ankayendera matikiti m'mabasi, ndipo aliyense ankamutcha a Insipekitala. A Tcheya anamuona kuti ndi munthu wofatsa, wogwedeza mutu pa chilichonse chimene chanenedwa pa benchi ya ometa. Sanadzifunse kuti munthu amene watha zaka makumi atatu akuyang'anitsitsa timapepala amatani akapatsidwa pepala.

Lolemba m'mawa Mayi Ndime anayamba Chidule. Tsamba loyamba ndi theka la lachiwiri zinali mfundo, chilichonse ndi ndime yake. Bodi imakumana kanayi pachaka. Kuti igamule kanthu pamafunika anthu asanu, ndiye koramu. Akachepera apo angathe kukambirana, koma zokambiranazo si chigamulo. Mapepala a msonkhano amafika kwa membala masiku asanu ndi awiri msonkhano usanachitike. Membala amene nkhani ikukhudza iye kapena wachibale wake amaulula, amatuluka, ndipo savota. Mavoti akafanana, wapampando amaponya yachiwiri. Wantchito kapena membala sakhala yekha m'chipinda chotseka ndi wophunzira. Zokambidwa m'bodi sizituluka panja.

Kenaka anafika pa nkhani zodikira chigamulo. Zinalipo zisanu. Yoyamba inali ya denga lodontha, yachiwiri yosankha owerengera mabuku a bungwe, yachitatu ya tsiku la msonkhano waukulu wa pachaka. Yachisanu inali yawo yomwe: kontirakiti ya mlembi inkatha kumapeto kwa mwezi wotsatira, ndipo bodi ndiyo inkaiwonjezera zaka ziwiriziwiri. Kwa zaka zonsezi nkhani imeneyi inkadutsa anthu akuvala kale majekete. Ulendo uno zaka ziwirizo ndizo zinatsala kuti mayiwa apume pa ntchito mwaulemu.

Yachinayi anailemba motere: "Pempho lobwereketsa chipinda chapansi kwa wamalonda a matiresi, ophunzira n'kusamukira pamwamba. Linakambidwa pa msonkhano wapitawu, koma panali anthu anayi okha, choncho silinagamulidwe. Wopemphayo ndi mlamu wa Wapampando, monga zalembedwera m'kaundula wa zoulula. Onani ndime 9. Ofuna kubwereketsa akuti lendi ithandiza bungwe. Okayikira akuti ophunzira makumi atatu ndi mmodzi azikwera masitepe makumi awiri ndi awiri, ndipo asanu mwa iwo ndi okalamba."

Masitepewo anachita kukawawerenga okha, akukwera ndi kutsika, mlonda wa pageti akuwayang'ana modabwa.

Mwachizolowezi, Chidule chinkapita pamodzi ndi kalata yamoni yosayinidwa ndi a Tcheya. Bamboyo ankasayina ataimirira, makiyi a galimoto ali m'dzanja linalo, osawerenga ngakhale mzere umodzi. Lachitatu limenelo anakhala pansi. Anatulutsa magalasi. Mayi Ndime ataona magalasiwo anadziwiratu kuti lero kuli ntchito.

"Mayi, nambala folo iyi yasochera," anatero a Tcheya, akugogoda pepala ndi cholembera. "Nkhani imeneyi tinamaliza. Ichotseni apa, muiike ku zomwe zinagamulidwa kale. Ndipo za mlamu wangazi sizikufunika, munthu watsopano tisamusokoneze mutu."

"Munalipo anayi, bwana."

"Anayiwo tonse tinagwirizana. Munalipo, munamva."

"Ndinamva, n'chifukwa chake ndinalemba kuti munakambirana. Koma koramu ndi asanu."

A Tcheya anaseka kaseko kamene ankasekera makasitomala ovuta. Anati pamsonkhano wotsatira nkhaniyo ingodutsa pa zotuluka m'maminitsi, mphindi imodzi basi, aliyense avomera, ndiye kuvutikiranji? Mayi Ndime ankaidziwa bwino mphindi imodzi imeneyo. Chinthu chikangolembedwa kuti chinagamulidwa kale, palibe amafuna kuoneka wovuta pochiukitsa, makamaka mlendo amene wangopatsidwa kumene mpando ndi kapu ya tiyi. Chipinda chikanapita anthu akuthira shuga.

"Chinthu chosagamulidwa sindingachilembe kuti chinagamulidwa," anatero. "Pansi papepalali pali mawu akuti wakonza ndi mlembi. Mlembiyo ndine."

A Tcheya anavula magalasi, n'kutsitsa chala pang'onopang'ono kuchoka pa nambala folo mpaka pa nambala faifi. Chinaima pamenepo. Sanakweze mawu. Anangoti, "Nkhani iyinso ikudikira, eti? Zaka ziwiri si zambiri, mayi. Munthu amafunika kumaliza bwino."

Mayi Ndime anachita mantha, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. Koma pamwamba pa manthawo panakwera mkwiyo, chifukwa bamboyu anawaopseza ndi mzere umene iwo omwe anautayipa ndi zala zawo.

"Kalata yamoniyo ndi yanu, mukafuna musasayine," anayankha. "Koma Chidule ndime 14 inachiika m'manja mwanga, ndipo masiku asanu ndi awiri akutha Lachisanu. Ndikukuuziranitu pamaso kuti ndikachipereka mmene chililimu. Musadzati ndinakuzemberani."

A Tcheya anatola makiyi awo n'kutuluka, kalata yosasayina ili pa desiki.

Madzulo ake mayiwa anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Anapeza amuna awo pakhonde, kagalasi kokonzera mawotchi kali padiso, akulimbana ndi wotchi ya pakhoma ya oyandikana nawo. Anawafotokozera zonse ali chiimire, chikwama chili paphewa.

"Amayi, khalani kaye pansi," anatero bamboyo. "Inu ndi ine takalamba. Ntchito ikatha pano, akakulembaninso ndani? Nanga chipindacho ndi chanu?"

"Si changa."

"Ndiye bwanji osangosuntha kamzere kamodzi? Mwina bodi ikanavomera ndithu."

"Ikavomere yokha, ikudziwa chimene ikuvomera. Inu munthu akakubweretserani wotchi, n'kukuuzani kuti muibweze kumbuyo ola limodzi kuti abwana ake asadziwe kuti wachedwa, mungabweze?"

Bamboyo anachotsa kagalasi padiso n'kuwayang'ana. "Ndingabweze, akalipira bwino," anatero, ndipo onse awiri anaseka, ngakhale kuseka kwake kunali kwa anthu amene mitima ili m'mwamba. Kenaka bamboyo anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Ndinadziwa tsiku la setifiketi lija kuti ndatenga munthu wouma mutu. Pitani mukapereke. Mawotchi sanathe kuwonongeka m'tauni muno."

Lachisanu m'mawa a Insipekitala anabwera okha ku ofesi kudzatenga envelopu yawo, atavala jekete lachikale lositidwa bwino ndi simbi. Mayi Ndime ankayembekeza kuti alandira, athokoza, n'kumapita. Koma bamboyo anapempha mpando, n'kutulutsa pensulo m'thumba la malaya, n'kuyamba kuwerenga pomwepo, mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Pa tsamba lachitatu anaima. Anabwerera ku tsamba loyamba. Anatsegula malamulo, n'kufufuza ndime 9, n'kutsegulanso maminitsi.

"Mayi, ndifunse nawo. Anayi aja, a Tcheya anali m'gulu lomwelo?"

"Anali momwemo, bambo."

"Ndiye akanatuluka monga ikunenera ndime iyi, akanatsala atatu."

"Mwawerenga bwino."

"Nanga inu maganizo anu ndi otani pa chipindachi?"

"Mlembi alibe maganizo, bambo. Ali ndi mapepala. Koma chipindacho chili pansipa, chitseko chake sichikhomedwa masana."

A Insipekitala anapinda Chidule mosamala n'kuchiika m'thumba la m'kati. Potsika, mayiwa anawamva akuwerenga masitepe chapansipansi.

Milungu itatu yotsatira a Tcheya sanawalankhule. Uthenga ankatumiza kudzera kwa a Msungichuma, mayi wofatsa amene ankaopa mikangano kuposa matenda. A Msungichuma anayesa kuwatsina khutu kuti a Tcheya akuimbira mafoni mamembala mmodzimmodzi, akuti mlembi wayamba kudzimva, akufuna kuyendetsa bodi ali kumapeto kwa tebulo. "Mukanangopepesa, achemwali," anatero. Mayi Ndime anafunsa kuti apepese pa mzere uti. Pa ajenda mayiwa anaika nkhani zonse zisanu monga zinalili m'Chidule. A Tcheya anaiona ajendayo, koma kufufuta nkhani imene membala watsopano anali nayo kale m'thumba kukanaonetsa poyera chimene ankabisa, choncho anaisiya.

Msonkhano unachitika Loweruka m'mawa. Anabwera asanu ndi atatu, mmodzi anapepesa kuti akudwala. Denga, owerengera mabuku ndi tsiku la msonkhano waukulu zinadutsa bwinobwino. Atafika pa yachinayi, a Tcheya analankhula mothamanga, maso ali pa wotchi yawo.

"Iyi tinaikambirana kale mokwanira, ndiye ndikhulupirira palibe wotsutsa, tipite pa…"

"Pepani a Tcheya." A Insipekitala anali atakweza pensulo yawo. "Ine ndine mlendo, mundikhululukire ngati ndikulakwitsa. Pepala limene ndinapatsidwa likuti nkhaniyi sinagamulidwe, ndipo likuti wopemphayo ndi mlamu wanu. Ndime 9 ikuti zikatere mwini wake amatuluka. Kaya lamuloli linasinthidwa, a Mlembi?"

Mitu isanu ndi itatu inatembenukira kumapeto kwa tebulo, kumene sinkayang'anako kawirikawiri.

"Silinasinthidwe," anatero Mayi Ndime.

A Tcheya anaimirira, nkhope itachita mdima, n'kupereka mpando kwa wachiwiri wawo. Podutsa pa chitseko jekete lawo linakhudza kope la mayiwa. Kunja kunali benchi imene ankadikirirapo anthu odzapempha thandizo, ndipo kudzera pa galasi la chitseko Mayi Ndime ankawaona atakhala pamenepo, manja ali pa maondo.

Anthu amene a Tcheya akakhalapo ankangoti "zili bwino" anapezeka kuti ali ndi pakamwa. Wina anafunsa ngati panalengezedwa kuti ena apikisane nawo pa chipindacho. Wina anati lendi ikufunikadi, denga silidzikonza lokha. A Insipekitala anati iwo anakwera masitepewo atatsinzina, atagwira khoma, ndipo pa sitepe yachisanu ndi chiwiri anatsegula maso chifukwa cha mantha. Anakangana mphindi makumi anayi. Povota, atatu anati chipinda chibwereketsedwe, anayi anakana. Mayi Ndime analemba manambalawo, ndipo mumtima anasangalala kwambiri.

Kenaka a Msungichuma anatsegula chitseko kuitana a Tcheya, ndipo nkhani yachisanu inafika. Palibe anachita kuwauza mayiwa. Anapereka kope ndi cholembera kwa a Msungichuma n'kutuluka. Benchi ija anaipeza ikadali yofunda.

Anakhala pamenepo mphindi makumi awiri ndi zisanu. Mawu sankamveka bwino, koma liwu la a Tcheya linkamveka kuposa ena onse, ndipo kawiri anamva la a Insipekitala likukwera. Anaganiza za amuna awo pa khonde la sitolo, maso amene anayamba kale kuchita chidima. Anaganiza zakuti Lolemba lina posachedwa adzadzuka osadziwa kolowera. Anadzifunsa ngati akanasuntha mzere uja akanakhala ndi mtendere, ndipo yankho lake linawakwiyitsa chifukwa silinasinthe.

Atawaitana, palibe anawayang'ana kumaso kupatula a Insipekitala, amene maso awo anali ofiira. A Msungichuma anabweza kope chozyolika. Pa tsambalo panali manambala okha, olembedwa mwamantha pakona: anayi, anayi, ndi kamzere.

A Tcheya anakonza kukhosi. Tsopano mawu awo anali ofewa, a munthu amene wapeza chimene amafuna. Anati bodi ikuthokoza kwambiri ntchito imene mayi agwira kwa zaka zambiri, koma yaona kuti nthawi yakwana yoti ofesi ilandire magazi atsopano. Anati padzakhala kaphwando kotsanzikana, ndi mphatso.

"Ndipo kuti zikuyendereni bwino kumene mukupita," anapitiriza, "m'maminitsimo mungolemba kuti mlembi wapempha yekha kupuma, bodi yavomera. Zimamveka bwino choncho, kwa inu ndi kwa ife."

Mitu ingapo inagwedezeka, yopepukidwa. Ena mwa iwo ankaonadi ngati akuwachitira chifundo.

Mayi Ndime anakhala pampando wawo, n'kuwongola kope, n'kutsegula cholembera. Misozi inali pafupi, koma anaikaniza.

"A Msungichuma, anayi ndi anayi, eti? Ndiye inadula ndi voti yachiwiri ya a Tcheya?"

A Msungichuma anavomera ndi mutu.

"Ine sindinapemphe kupuma, bwana," anatero mayiwa, akulemba. "Mwandichotsa. Ndilemba kuti kontirakiti ya mlembi sinawonjezedwe, mavoti anayi kwa anayi, Wapampando anaponya yachiwiri. Mukaona kuti ndalakwitsa, mudzakonze pa msonkhano wotsatira, pamaso pa onse. Ine kudzakhala kulibe."

Anamaliza mzerewo, n'kuika kadontho, n'kudzutsa mutu.

"Tipitirize, a Tcheya. Zatsala nkhani zina ndi zina."